Buku lina likuti jenerali, lina likuti kenolo, nde mumve liti?

Mwana wa achemwali anga ali ku koleji ndipo mwezi wathawu ananditumizira chithunzi cha asayimenti yake pa foni, peji yonse ili psuu ndi bolopeni yofiira. Analemba kuti Jenerali Paul von Lettow-Vorbeck anagonjetsa Angerezi ku Tanga, doko la ku Tanzania ya lero, mu 1914, alekichala anazunguliza mawu akuti jenerali n'kuika funso pambali, chaka chimenecho anali jenerali? Iye n'kumandiuza kuti amalume ine sindinapeke, mabuku awiri a mu laibulale alemba chomwecho, pa intaneti paliponse alemba chomwecho, nanga ndikanatani. Atapita kukafufuzanso zinangoipiraipira, pena akuti munthuyu analowa usilikali mu 1888, pena 1890, pena akuti anali mkulu wa asilikali ku Cameroon, pena Cameroon sakuitchula n'komwe.

Vuto limeneli si la iye yekha ndipo si la Lettow-Vorbeck yekha. Aliyense amene anayesapo kulemba mbiri ya mkulu wa asilikali, kaya ndi wa nkhondo ya Chiwaya ija ya 1914 mpaka 1918, kaya ndi wa ku Kamuzu Barracks wa dzana lomweli, anagundana nalo. Ndipo chimene ndaona ine n'chakuti nthawi zambiri palibe amene akunama. Mabukuwo amakhala akuyankha mafunso osiyana koma onse atavala yunifolomu imodzi, nde iwe owerenga umaona ngati akukangana. Tiyeni tigwiritse ntchito Mjeremani yemweyu, chifukwa mbiri yake ili ndi pafupifupi misampha yonse, komanso si mlendo kwenikweni kuno, ndi amene agogo athu a Keyala ndi amtengatenga anamuthamangitsa mpaka ku Mozambique ndi ku Zambia.

Akamutcha jenerali pa chaka chimene sanali jenerali

Uwu ndiye msampha woyamba ndipo ndi umene unagwira mwana wa achemwali. Kwathu kuno munthu akakhalapo hedimasitala timamuitana kuti ahedi mpaka kumanda, ndipo pofotokoza nkhani timati ahedi ali mnyamata ankasewera mpira ku Dedza, palibe amene amaganiza kuti ankasewera mpirawo ali kale hedi. Olemba mabuku amachitanso chimodzimodzi ndi asilikali. Amatenga renki yomaliza, kapena yotchuka kwambiri, n'kuimata pa moyo wonse wa munthuyo.

Lettow-Vorbeck pamene ankamenya nkhondo ya ku Tanga kumayambiriro kwa Novembala 1914 anali Oberstleutnant, kunena kuti lefutenanti kenolo. Anali atangolandira nyota zimenezo mu Okotobala 1913. Amene anali jenerali pa nkhondo imeneyo ndi wa mbali inayo, Meja Jenerali Arthur Aitken, amene anagonja. Ujenerali wa Lettow-Vorbeck unabwera kumapeto kwa 1917, itatha nkhondo yoopsa ya ku Mahiwa ya mu Okotobala chaka chomwecho, pakatipo atadutsa kaye pa ukenolo wathunthu. Nde mukaona chiganizo chakuti jenerali anachita zakuti mu 1914, 1915 kapena 1916, dziwani kuti mawu akuti jeneraliwo ndi ulemu chabe, si umboni wa renki.

Mwina mukuti nanga zili ndi ntchito yanji, kenolo, jenerali, si msilikali yemweyo? Taonani izi. Kuyambira 1904 mpaka 1906 munthuyu anali ku dziko limene pano ndi Namibia, nthawi imene Ajeremani ankapulula Aherero ndi Anama. Mukalemba kuti Jenerali Lettow-Vorbeck anamenya nkhondo ndi Aherero, owerenga amva kuti ndiye ankalamula zonse. Koma nthawi imeneyo anali Hauptmann, kaputeni, ankagwira ntchito mu ofesi ya Jenerali Lothar von Trotha amene ndiye anapereka lamulo lopha anthu lija, kenako anatsogolera kampani imodzi ya asilikali mpaka anavulala diso mu 1906. Izi sizikumuyeretsa ayi, analipo ndipo anatengamo mbali, koma funso lakuti analamula ndani liri ndi yankho lina, ndipo renki yolakwika imakusokonezerani yankho limenelo.

Mankhwala ake ndi osavuta. Renki iliyonse muziilemba ndi chaka chake pambali, osalola renki kuyenda yokha. Ndipo umboni wa renki muziutenga pa chiganizo chimene chikukamba za kukwezedwa kwenikweniko, osati pa dzina loitanira.

Komanso renki si udindo, izi ndi zinthu ziwiri. Renki ndi nyota za paphewa, udindo ndi mpando umene wakhalapo. Nkhondo itayamba mu 1914 ku Tanganyika kunali mkulu wina wopuma pantchito, Kurt Wahle, wa renki ya jenerali, amene anangopita kukaona mwana wake n'kutsekeredwa komweko. Anadzipereka, ndipo anagwira ntchito pansi pa Lettow-Vorbeck, jenerali kumalandira malamulo kwa lefutenanti kenolo. Munthu amene sakudziwa izi akaona mayina awiriwa pa peji imodzi amangoganiza kuti wamkulu ndi Wahle, kapena amamukweza Lettow-Vorbeck m'mutu mwake kuti zinthu zigwirizane. Pamwamba pa onsewa panalinso bwanamkubwa Heinrich Schnee amene pa pepala ndiye anali mwini asilikali a m'dzikomo, nde mukaona buku likumutchula Schnee kuti wamkulu wa asilikali musalitaye, likunena za lamulo, enawo akunena za amene ankayendetsa nkhondo kutchire.

Akati anali ku Cameroon, ena osaitchula n'komwe

Apa ndi pamene ndimakonda chifukwa onse awiri akunena zoona. Mu Okotobala 1913 Lettow-Vorbeck anasankhidwa kukhala mkulu wa asilikali a Ajeremani ku Cameroon, kalata inatuluka, dzina linalembedwa. Koma asanakayambe ntchitoyo zinthu zinasintha, mu Disembala chaka chomwecho anauzidwa kuti apite ku East Africa ya Ajeremani, ku Tanganyika kuja, akagwirizire mpando wa mkulu wa asilikali kumeneko. Anafika ku Dar es Salaam mu Januwale 1914. Ndipo mpandowo unakhala wake mwalamulo mu Epulo 1914.

Tawerengani madetiwo. Funso limodzi lakuti anayamba liti kulamula asilikali ku East Africa liri ndi mayankho atatu, Disembala 1913, Januwale 1914 ndi Epulo 1914, ndipo lililonse mulipeza m'buku linalake lolembedwa ndi munthu wozindikira. Woyamba akuwerenga tsiku la kalata, wachiwiri tsiku limene phazi linaponda padoko, wachitatu tsiku limene anasiya kugwirizira. Amene anagwirapo ntchito m'boma akudziwa bwino zimenezi, kalata ya positing'i imatuluka mu Ogasiti, iwe umakafika kusukuluko mu Okotobala chifukwa lole yonyamula katundu inachedwa, kenako umakhala ukugwirizira uhedi chaka chathunthu asanakutsimikize. Wina akadzakufunsa kuti munayamba liti uhedi pasukulu ija umayamba wamufunsa kaye kuti mukutanthauza chani.

Nde mukapeza malo amene buku limodzi likutchula koma ena onse ali chete, musathamangire kunena kuti enawo anaiwala. Funsani kuti kodi pali chilichonse chimene munthuyu anachita kumaloko? Pali nkhondo, ulendo, kalata yolembedwa ali komweko, munthu amene anakumana naye? Za Cameroon mupeza kusankhidwa kokha basi, kenako dzina likutulukira ku Dar es Salaam patangopita miyezi itatu. Mpata wochepa choncho, nthawi ya sitima zapamadzi, ukukuuzani kale kuti positing'i imeneyo inathera papepala. Polemba mungoti anasankhidwa kupita ku Cameroon koma sanakayambe ntchito, mwathana nazo.

Kansampha kena kakang'ono, kuyambira 1909 mpaka 1913 ankatsogolera gulu lotchedwa II. Seebataillon ku Wilhelmshaven, asilikali oyenda pansi koma a pansi pa nthambi ya zapamadzi. Ena akaona zimenezo amamusandutsa msilikali wapamadzi. Ayi, anangobwerekedwa, renki yake inali ya meja ngati wa pamtunda aliyense.

Deti la kukwezedwa likusiyana ndi miyezi ingapo

Kukwezedwa kumodzi kumakhala ndi masiku osachepera atatu. Pali tsiku limene renki ikuyambira kuwerengedwa, pali tsiku limene chilengezo chinasindikizidwa, ndiye pali tsiku limene mwini wake anamva n'kusoka nyota paphewa. Aphunzitsi amene analandirapo ma ariyasi akudziwa, kalata yafika mu Juni koma ikuti kuyambira Julayi wa chaka chatha.

Kwa munthu ngati Lettow-Vorbeck mpata umenewu unali waukulu zedi chifukwa anali atadulidwa ku Berlin, nyanja yonse ili m'manja mwa Angerezi, mawayilesi akuluakulu ataphwanyidwa. Mendulo yapamwamba ija ya Pour le Mérite anapatsidwa mu Novembala 1916, koma nkhani yake anaimva kudzera mu kalata ya mdani wake, Jan Smuts, amene ankatsogolera mbali ya Angerezi. Tangoganizani, adani ako ndi amene akukuuza kuti kwanu akupatsa mendulo. Nde buku limene likutsata mapepala a ku Berlin ndi buku limene likutsata zimene iye mwini analemba pokumbukira sangagwirizane mwezi, ndipo palibe cholakwika pamenepo.

Ngakhale tsiku limene nkhondo yake inatha liri ndi vuto lomweli. Ku Ulaya mfuti zinaleka pa 11 Novembala 1918. Iye anali ku Northern Rhodesia cha ku Kasama, uthenga unamupeza patapita masiku awiri atatu, ndipo chipilala cha pa mtsinje wa Chambeshi chimakumbukira 14 Novembala. Koma kukatula zida kunachitika ku Abercorn, imene pano ndi Mbala, pa 25 Novembala. Amene walemba 14 ndi amene walemba 25 sakutsutsana, wina akunena za kuleka kuombera, wina za kupereka mfuti.

Ku mbali ya Angerezi zinthu n'zosavutirapo chifukwa kukwezedwa kwa maofesala kunkalengezedwa mu London Gazette, ndipo nyuzi imeneyi ili pa intaneti, mutha kufufuza dzina mwaulere. Koma chenjerani, pamwamba pa peji pali deti la tsiku limene nyuziyo inatuluka, ndipo pa mzere wa munthu wanuyo pamakhala deti lina, limene renki ikuyambira. Anthu ambiri amakopera lapamwambalo chifukwa ndi limene likuoneka msanga. Tengani la pamzere, lapamwambalo mulisunge ngati umboni wa kumene mwazipeza.

Munthu mmodzi, marenki awiri tsiku lomwelo

Izi zimachitika kwambiri ndi Angerezi ndipo zimazunguza mutu ukakumana nazo koyamba. Ofesala ankatha kukhala ndi renki yake yeniyeni yokhazikika, imene penshoni ndi malo ake mu rejimenti zimatsata, komanso renki ina yobwereka imene wavala chifukwa cha ntchito imene wapatsidwa. Mu Gazette muona timawu tachidule patsogolo pa renki, ndipo timawu timeneti ndi timene olemba mabuku amakonda kutaya. `temp.` ndi renki yongoyembekezera, nthawi zambiri ya nthawi ya nkhondo. `actg.` ndi wogwirizira. `local` ndi renki imene ikugwira ntchito kudera limenelo kokha, akachokako yatha. `Bt.` ndi renki yaulemu yopatsidwa chifukwa chogwira bwino ntchito koma mu rejimenti mwake akadali pamalo pake pakale. `hon.` ndi yaulemu chabe, kawirikawiri ya popuma.

Chitsanzo chathu chapafupi ndi Edward Northey, amene anabwera ku Nyasaland kumayambiriro kwa 1916 kudzatsogolera gulu limene linalowa m'dziko la Ajeremani la East Africa kuchokera kumalire a ku Karonga mu Meyi chaka chimenecho. Mabuku amamutcha brigediya jenerali, ena meja jenerali, ena kenolo. Ubrigediya jenerali kwa Angerezi nthawi imeneyo sunali renki yokhazikika n'komwe, unali wongovala pamene ukutsogolera gulu lalikulu, pansi pake munthu amakhala akadali kenolo kapena lefutenanti kenolo. Umeja jenerali wa Northey ndi wa 1918, chaka chimene anachoka kunkhondoko. Nde amene akuti Meja Jenerali Northey ananyamuka ku Karonga mu 1916 wagwa mu msampha woyamba uja, koma amene akuti kenolo ndi amene akuti brigediya jenerali akhoza kukhala olondola onse, wina wayang'ana pansi wina pamwamba.

Ajeremani nawo anali ndi kachitidwe kawo kotchedwa Charakter, mumakaona kolembedwa `char.` patsogolo pa renki. Munthu amapatsidwa dzina la renki ndi yunifolomu yake koma osati mphamvu kapena malipiro ake. Lettow-Vorbeck anachotsedwa usilikali mu 1920 atatengapo mbali pa kuyesa kulanda boma la Germany kotsogoleredwa ndi Wolfgang Kapp mu Malichi chaka chimenecho. Kenako pa 27 Ogasiti 1939, nthawi ya Hitler, pokumbukira zaka 25 za nkhondo ya Tannenberg, anapatsidwa Charakter ya General der Infanterie pamodzi ndi akuluakulu ena akale. Ndi chifukwa chake kabokosi ka pambali pa Wikipedia kamaonetsa renki yaikulu chotero, imene sanalamulirepo nayo msilikali ngakhale mmodzi. Anali ndi zaka 69, atapuma kalekale.

Ndipo pomasulira marenki a chilankhulo china samalani. General der Infanterie si udindo wakuti mkulu wa asilikali onse oyenda pansi, ndi dzina la renki chabe, sitepe yachitatu ya ujenerali. Generalmajor anthu amangoimasulira kuti meja jenerali chifukwa mawu akufanana, koma kwa Ajeremani a nthawi imeneyo inali sitepe yoyamba yeniyeni ya ujenerali, pamwamba pa kenolo pomwepo, nde olemba ena amaifanizira ndi brigediya jenerali. Mukaona buku lina likuti brigediya, lina meja jenerali, pa munthu yemweyu mu 1918, ndi omasulira awiri asiyana maganizo, renki yake ndi imodzi. Ine ndimangolemba liwu la Chijeremanilo mmene liliri, n'kufotokoza kamodzi kuti ili pa sitepe iti, basi.

Zaka zimene anagwira ntchito sizikugwirizana

Apa anthu amachita samu yochotsera n'kumadabwa kuti mayankho akusiyana, pamene vuto liri pa manambala amene alowetsa. Lettow-Vorbeck anabadwa mu 1870. Analowa sukulu ya makadeti ali mwana. Mu 1888 analowa mu rejimenti ngati wophunzira uofesala, Fähnrich, kenako n'kudzalandira ulefutenanti, umene mabuku ena amauika mu 1889 ena mu 1890. Nde amene walemba 1888 mpaka 1920 akupatsani zaka 32, amene wayambira pa 1890 akupatsani 30, ndipo wina wosasamala akaona 1939 uja atha kukoka mzere mpaka kumeneko n'kumupatsa zaka zoposa 50, ngati kuti anamenya nawo nkhondo yachiwiri, pamene sanabwerere pantchito.

Kusiyana kwa 1888 ndi enawo n'kwa tanthauzo, kulowa usilikali ndi kukhala ofesala ndi zinthu ziwiri. Koma 1889 ndi 1890 ndi mkangano weniweni, onse akunena chinthu chimodzi, tsiku la ulefutenanti, ndipo mmodzi walakwa. Uwu ndi mtundu wokhawo umene umafuna kuti musankhe mbali, ndipo ndibwera pa kasankhidwe kake.

Zaka zimabisanso mipata. Kamzere kapakati pa zaka ziwiri kamanama kwambiri kuposa mawu. Chitsanzo chathu chomwe, Jenerali Vincent Nundwe anakhala mkulu wa asilikali a Malawi mu Juni 2019, anachotsedwa mu Malichi 2020 n'kulowa Peter Namathanga, kenako anabwezeretsedwa mu Seputembala 2020 boma litasintha. Munthu akangolemba chaka choyamba ndi chomaliza n'kuika kamzere pakati, miyezi ya a Namathanga yamezedwa, ndipo wina wowerenga za zimene asilikali anachita pa chisankho cha Juni 2020 adzazipereka kwa munthu amene sanali pampando. Izi ndi za dzana, tonse tinalipo, nanga za 1916 zingasokonekere bwanji.

Nde pa mkangano weniweni mukhulupirire ndani

Choyamba musawerenge mavoti. Mwana wa achemwali anandiuza kuti mawebusaiti asanu ndi awiri akuti 1890, imodzi yokha ikuti 1889, nde ambiri apambana. Ndinamuuza kuti atenge chiganizo chimodzi cha pa webusaiti yoyamba achiike mu Google ndi zizindikiro za mawu ogwidwa uku ndi uku, kuti ifufuze mawu omwewo ndendende. Zinatuluka zonse zisanu ndi ziwiri, chiganizo chimodzimodzi, ngakhale kachizindikiro kopumira kali pamalo pomwepo. Imeneyo ndi mboni imodzi yavala malaya asanu ndi awiri. Pa bwalo la amfumu anthu khumi akati tinamva kwa uje, mfumu imaitana ujeyo, enawo akhale pansi.

Chachiwiri, gwero lililonse liri ndi chimene limadziwa bwino. Pa renki ndi deti lake, pepala la boma la nthawi yomweyo ndiye mwini nkhani, kwa Angerezi ndi Gazette ndi mabuku a mndandanda wa maofesala, kwa Ajeremani ndi buku la mndandanda lotchedwa Rangliste limene linkatuluka chaka ndi chaka nkhondo isanayambe. Koma pepala lomwelo ndi losathandiza pa funso lakuti munthuyo anali kuti, chifukwa limalemba kumene akuyenera kukhala, ndi lomwe lingakuuzeni za Cameroon. Pa funso la komwe anali, dalirani madayale a gulu lake, makalata okhala ndi malo ndi deti, malipoti a nkhondo. Zimene munthu analemba yekha atakalamba n'zabwino pofuna kudziwa kuti anamva liti ndipo anaganiza chani, koma pa madeti amaphonya ngati tonsefe, ndipo amadzikometsera. Nkhani za m'nyuzi za pa maliro ndi zolembedwa pa zipilala ndi zomaliza pa mzere, zimalembedwa mwachangu kapena mwaulemu, ndipo zimakonda renki yaikulu.

Ndi Ajeremani pali vuto lina loonjezera, mafayilo ambiri a asilikali a Prussia anapsa ku Potsdam mu Epulo 1945 mzindawo utaphulitsidwa ndi mabomba. Nde olemba ambiri amadalira mabuku osindikizidwa ndi zokopera kwa anzawo, ndipo cholakwika chikalowa kamodzi chimayenda zaka zambiri. Pa nkhani ngati ya 1889 ndi 1890 ine ndimapendekera kwa wolemba amene akuwerenga Chijeremani, amene wapereka masitepe onse motsatana, Fähnrich chaka chakuti, lefutenanti chaka chakuti, kaputeni 1901, meja 1907, kusiyana ndi amene wangoponya chaka chimodzi chozungulira bwino m'chiganizo chongodutsa. Munthu amene walemba tsiku, mwezi ndi dzina la rejimenti nthawi zambiri anaona pepala. Si nthawi zonse, koma nthawi zambiri.

Chachitatu, yesani ngati nkhaniyo ikuyenda. Ikani zonse pa mzere umodzi wa zaka muone ngati munthu sakutsika renki popanda chifukwa, ngati sakupezeka malo awiri mwezi umodzi, ngati msinkhu wake ukulola. Wobadwa mu 1870 kukhala lefutenanti ali ndi zaka 19 kapena 20 n'zomveka, zonse ziwiri zikutheka, nde mayeso amenewa sathetsa mkangano umenewo, koma amagwira msanga zolakwika zazikulu ngati kumupanga jenerali mu 1904. Renki ikaoneka ngati yatsika, makamaka kwa Mngerezi itatha 1918, musadabwe, ndi yobwereka ija yabwezedwa.

Chimene ndinamupangitsa mwanayo ndi ichi. Tinatenga pepala la pakati pa kope, tinajambula mizere isanu yotsika. Woyamba deti, wachiwiri chimene chinachitika pa detilo m'mawu enieni, kaya kusankhidwa, kufika, kutsimikizidwa, kumva, wachitatu renki pamodzi ndi kamawu kake kachidule ngati kalipo, wachinayi udindo, wachisanu amene wanena ndi kumene iyeyo wazitenga. Mzere wachiwiriwo ndi umene umagwira ntchito yaikulu. Titangodzaza, mikangano imene iye ankaiwerenga kuti ndi isanu ndi umodzi inatsala umodzi, wa 1889 ndi 1890 uja, enawo anangokhala masitepe osiyana a nkhani imodzi.

Wotsalawo sitinaubise. Mu asayimenti analemba chaka chimene anachikhulupirira, n'kuika kamawu pansi pa peji kuti mabuku ena amati 1890, ndi chifukwa chimene wasankhira chinacho. Ndipo chiganizo chofiira chija anachikonza kuti chizimveka chonchi, mu Novembala 1914 Paul von Lettow-Vorbeck, amene nthawiyo anali lefutenanti kenolo ndipo anali atatsimikizidwa pa mpando wa mkulu wa asilikali a Ajeremani ku East Africa mu Epulo chaka chomwecho, anabweza gulu la Meja Jenerali Aitken ku Tanga. Anadandaula kuti chatalika, ndinamuuza kuti achisiye choncho, mawu akuti nthawiyo asawachotse.